Mmene mungadziwire ngati ndime yomwe mwalemba m'mawu anu ikadali ya mwini wake

Mukatenga mfundo m'buku, mu lipoti kapena m'nyuzipepala n'kuilemba m'mawu anu, pamakhala mafunso awiri, ndipo anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi la kalembedwe: kodi ziganizozi ndazimanga ndekha, kapena ndangosintha mawu apa ndi apo m'ziganizo za mwini wake? Lachiwiri ndi la mfundo: kodi ganizoli ndi langa, kapena ndalipeza kwa wina? Funso lililonse lili ndi mankhwala ake. Kalembedwe kakayandikira kwambiri ka mwini, mumalembanso, apo ayi mumaika mawu akewo m'mitengero. Mfundo ikakhala ya wina, mumatchula gwero. Kutchula gwero sikuchiza ndime yokopera, ndipo kulembanso mwaluso sikukupatsani ufulu wobisa mwini mfundo.

Kuti tione mmene mafunsowa amayankhidwira, titsata ndime imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndimeyi yalembedwa kuti tiphunzirirepo basi, sinachoke m'buku lililonse, koma tiitenge ngati ili m'buku la mbiri yakale lomwe mwabwereka ku laibulale.

Ndime ya m'gwero

"Kuukira kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 sikunali mkwiyo wa tsiku limodzi. Kunaphikidwa pang'onopang'ono ndi zinthu zitatu: thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kuotchedwa kwa matchalitchi a mpingo wake m'mindamo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafa pa nkhondo yomwe sinali yawo. Pa zitatuzi, nkhondo ndiyo inasefukitsa mphika, chifukwa inamuonetsa Chilembwe kuti makalata odandaula sakanasintha kanthu."

Wophunzira walemba chotere m'chimangirizo chake, ndipo akukhulupirira kuti walemba m'mawu akeake:

"Kugalukira kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 sikunali ukali wa tsiku limodzi. Kunakula pang'ono ndi pang'ono chifukwa cha zinthu zitatu: ntchito ya thangata m'maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, kutenthedwa kwa nyumba zopemphereramo za mpingo wake, ndi kulembedwa kwa anthu akuda kukamwalira pa nkhondo ya eni. Mwa zitatuzi, nkhondo ndiyo inasefukitsa mphika, popeza inamusonyeza kuti kudandaula m'makalata kunalibe phindu."

Yambani ndi mawu ofanana

Ikani ndime ziwirizo pafupi kuti muziziona zonse nthawi imodzi. Pa kompyuta, koperani ndime ya m'gwero muiike pamwamba pa yanu mu fayilo yapadera. Ngati gwero ndi buku, litseguleni pambali pa pepala lanu. Osayesa kuyerekeza ndi zomwe mukukumbukira pamtima. Mutu ndi womwewo womwe unasunga mawu a mwini wake n'kukubwezerani ngati anu, ndiye sungakhale mboni pa mlandu wake womwe.

Tengani cholembera, mudule mzere pansi pa malo aliwonse omwe mawu atatu kapena kuposerapo akutsatana mofanana m'ndime zonse ziwiri. Gwero likakhala lalitali ndipo lili pa kompyuta, tengani mawu atatu otsatana a m'ndime yanu, muwafufuze m'gwerolo ndi Ctrl+F.

Mwina munamvapo kuti mawu asanu otsatana ndiwo malire, ena amati asanu ndi awiri. Palibe nambala yomwe onse anagwirizana, ndipo amene amadalira nambala amangophunzira kusintha liwu lachisanu lililonse, ndime n'kukhalabe ya mwini wake. Atatu tikunena pano si malire a mlandu. Ndi njira yongoonera malo ofunika kuwayang'anitsitsa.

M'ndime ya wophunzirayu, malo oonekeratu ndi awa: "kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 sikunali", "wa tsiku limodzi", "A. L. Bruce ku Magomero", "kwa anthu akuda", ndi "zitatuzi, nkhondo ndiyo inasefukitsa mphika".

Tsopano pa mzere uliwonse dzifunseni kuti: munthu wina wolemba nkhani yomweyi, yemwe sanaonepo bukuli, akanatha kulemba mawu amenewa? Mzere wautali kwambiri uli ndi mawu asanu ndi atatu, koma ambiri mwa iwo alibe mwini. Dzina la munthu, tsiku, dzina la malo ndi mawu odziwika a phunzirolo, monga thangata, sasinthidwa. Mukalemba "ntchito yolipirira malo okhala" paliponse pofuna kuthawa liwu loti thangata, mwangosokoneza wowerenga, ndipo wodziwa mbiri adabwa chomwe mukubisa. Siyani mawu otere mmene alili.

Woopsa ndi mzere womaliza uja, ngakhale ndi waufupi. Palibe chomwe chimakakamiza munthu kufotokoza nkhondo ngati chinthu chosefukitsa mphika. Ameneyo ndi mlembi anasankha, ndipo anachita kukonzekera pomwe ananena kuti kuukirako "kunaphikidwa". Mawu okuluwika, mafanizo, mawu achipongwe kapena oyamikira, ndi dzina lomwe mlembi wapatsa chinthu yekha, zonsezi ndi zake ngakhale atakhala mawu awiri okha. Pamenepa muli ndi njira ziwiri zokha: kuwachotsa n'kunena mfundoyo mosakuluwika, kapena kuwasunga m'mitengero ndi kutchula tsamba.

Pali chinanso choti muchenjere nacho mu Chichewa. Liwu limodzi limasintha maonekedwe mosavuta: "kuotchedwa kwa matchalitchi" kusanduka "anaotcha matchalitchi" kapena "matchalitchi ataotchedwa". Ctrl+F sangazione ngati zofanana, koma tsinde ndi lomwelo. Choncho pofufuza lembani tsinde lokha, monga "otch" kapena "sefuk", osati liwu lonse.

Kenako yang'anani mafupa a ndime

Apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa akachotsa mawu ofanana amaganiza kuti ntchito yatha. Tiyerekeze kuti wophunzira uja wasintha "inasefukitsa mphika" kukhala "inali chifukwa chachikulu", wasinthanso "wa tsiku limodzi" kukhala "wadzidzidzi". Mizere yoopsa yafufutika. Ndimeyo ikadali yokopera.

Kuti muone zimenezi, ikani manambala pa mfundo za m'gwero motsatira mmene zikubwerera. M'ndime yathu zili chonchi: 1, kuukira sikunali kwadzidzidzi, 2, kunali ndi zifukwa zitatu, 3, thangata, 4, matchalitchi, 5, nkhondo, 6, nkhondo inaposa zinazo, 7, chifukwa inaonetsa kuti makalata sathandiza. Ndiye ikani manambala omwewo pa ndime yanu, pomwe mfundo iliyonse yagwera. Ya wophunzirayu ikuwerengeka 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7. Sanadumphe, sanabwerere, sanaphatikize. Mlembi uja akanati ayambe ndi nkhondo, wophunzira akanayambanso ndi nkhondo.

Mukatero werengani ziganizo. Gwero lili ndi zitatu, wophunzira ali ndi zitatu, ndipo chilichonse chikuyamba ndi kuthera pomwe chinzake chikuyambira ndi kuthera. Choyamba n'chokana, "sikunali". Chachiwiri chili ndi mndandanda wa zinthu zitatu pambuyo pa madontho awiri. Chachitatu chili ndi mlumikizi wa chifukwa pakati: mwini anati "chifukwa", wophunzira wati "popeza". Alumikizi ndi zizindikiro za m'kalembedwe ndiwo amaulula msanga, chifukwa wosintha mawu amalimbana ndi maina ndi aneni, n'kuiwala timawu tating'ono tomwe tagwira chiganizo.

Muyeso wosavuta ndi uwu: ikani chala chimodzi pa liwu loyamba la m'gwero, china pa liwu loyamba la ndime yanu, muziyendetsa zonse pamodzi. Kuukira, kugalukira. Mkwiyo, ukali. Minda, maesiteti. Kuotchedwa, kutenthedwa. Kukafa, kukamwalira. Zala zikafika kumapeto limodzi popanda china kudikira chinzake, ndiye kuti simunafotokoze mfundoyo, mwangosinthanitsa mawu.

Taonaninso zomwe kusinthanitsako kwawononga. "Kukamwalira pa nkhondo" si Chichewa chomwe munthu angayankhule atafunsidwa za nkhondo. Anthu amakafa kapena kukaphedwa ku nkhondo. Liwulo lalowa chifukwa chongofuna kusiyana ndi gwero. Aphunzitsi ozolowera kuchonga ntchito amazindikira ndime yokopera ndi mawu otere, okhala pamalo osayenera, ngakhale asanalione buku lomwe yachokera.

Katswiri wina wa ku America wophunzitsa kalembedwe, Rebecca Moore Howard, anafotokoza khalidweli m'zaka za m'ma 1990: kutenga ziganizo za m'gwero, kuchotsako mawu ena, kutembenuza pang'ono kamangidwe ndi kulowetsa mawu ofanana tanthauzo, ngati kusoka zigamba pa nsalu ya mwini. Iye anaona kuti kawirikawiri sichikhala chinyengo chadala, koma chizindikiro choti wolemba sanaimvetse bwino nkhaniyo ndipo akuopa kuchoka pa ziganizo za mwini. Zimenezi n'zoona, koma malamulo a masukulu ambiri aukachenjede amaiona ndime yotere ngati yokopera, kaya munafuna kaya simunafune.

Nanga wophunzirayu akanaika dzina la mlembi ndi chaka kumapeto kwa ndime yake ija? Mlandu ukanachepa, koma sukanatha. Dzina la m'mabulaketi popanda mitengero limauza wowerenga kuti mfundo ndi ya uyu, mawu ndi anga. Theka lachiwirilo likanakhala bodza.

Si nthawi zonse pomwe kufanana kwa ndondomeko kuli vuto. Ngati gwero likufotokoza zochitika motsatira nthawi, monga kuti Chilembwe anabwerako ku America mu 1900, anakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anaukira mu Januwale 1915 ndipo anaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale, simungatembenuze zaka pofuna kusiyana naye. Chimodzimodzi njira yoyezera chinthu mu labotale. Ndondomeko yomwe nkhaniyo imabwera nayo ilibe mwini. Ndondomeko yomwe mlembi anasankha pomanga mfundo yake, monga kusunga nkhondo kuti ibwere pomaliza, ndi yake.

Kulembanso

Ndime ikalephera muyeso wa mafupa, musaikonze. Kuisintha kachiwiri, liwu ndi liwu, kumangowonjezera mawu osayenera pa mafupa omwewo. Ifufuteni yonse.

Werenganinso gwero mpaka muthe kuyankha funso ili m'chiganizo chimodzi: mlembiyu akufuna ndivomereze chiyani? M'ndime yathu yankho n'lakuti madandaulo analipo kale, koma nkhondo ndiyo inachititsa Chilembwe kusiya njira ya makalata. Ngati simungathe kuyankha, vuto si kalembedwe, ndipo kulembanso sikuthandiza. Fufuzani kaye mawu omwe simukuwamva, werengani ndime zoyandikana nayo.

Lembani pa kapepala mawu ochepa okukumbutsani, osapitirira khumi, osati ziganizo: thangata, matchalitchi, nkhondo 1914, kalata, palibe yankho. Tsekani buku. Chitani china kwa kanthawi, ngakhale mphindi khumi, chifukwa mukalemba nthawi yomweyo kamvekedwe ka ziganizo za mwini kamakhala kakadali m'khutu. Ndiye dzifunseni chomwe mukuifunira mfundoyi m'ntchito yanu. Funso limeneli ndilo limasintha mafupa. Ngati chimangirizo chanu chikunena za mmene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inakhudzira Nyasaland, muyamba ndi nkhondo, ndipo thangata ingotchulidwa podutsa. Ngati chikunena za nkhani za malo, muyamba ndi Magomero. Mlembi uja anali ndi cholinga chake, inu muli ndi chanu, ndipo ndime yolembedwa potsata cholinga chanu siingafanane ndi yake.

Tiyerekeze kuti mutu ndi wa nkhondo. Wophunzira walembanso chotere:

"Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Nyasaland mu 1914, Chilembwe analemba kalata yotsutsa zoti anthu akuda azilowetsedwa m'nkhondoyo. Palibe chomwe chinasintha, ndipo apa m'pamene anasiya kukhulupirira kuti kudandaula mwamtendere kungathandize. Mavuto a ku Magomero, a thangata ndi matchalitchi, anali atamuvutitsa kwa zaka, koma nkhondo ndiyo inamufikitsa posankha zida."

Bwerezani miyeso ija. Mawu atatu otsatana ofanana mulibe. Otsatana awiri omwe atsala ndi monga "anthu akuda", "ku Magomero" ndi "nkhondo ndiyo". Manambala akuwerengeka 5, 7, 3, 4, 6. Mfundo 1 ndi 2 sizinatchulidwe mwachindunji chifukwa sizikufunika pano. Zala ziwiri sizingayendere limodzi. Funso loyamba layankhidwa: kalembedwe ndi kake.

Mfundoyo ndi ya yani?

Ndime yatsopanoyi ilibe dzina la mlembi aliyense, ndipo mmene ilili ikadali yolakwika. Kulakwa kwake n'kovuta kukuona, chifukwa palibe pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ingakugwire mosavuta, ndipo n'kokulirapo, chifukwa tsopano wowerenga akhulupirira kuti wophunzirayu anaganiza yekha zoti nkhondo inaposa zifukwa zinazo.

Dutsani m'ndime yanu chiganizo ndi chiganizo, mupatule zodziwika kwa onse ndi zomwe wina anachita kuganiza, kuyeza kapena kufukula. Zoti Chilembwe anaukira boma la atsamunda mu Januwale 1915, zoti dziko la Malawi limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, zimenezi mudzazipeza m'mabuku ambiri a sukulu popanda kutchula gwero, ndipo palibe angakufunseni kuti mwazitenga kuti. Sizifuna gwero. Koma kunena kuti nkhondo ndiyo inamuchotsa pa makalata n'kumufikitsa pa zida ndi kutanthauzira. Wolemba mbiri wina akhoza kutsutsa n'kunena kuti nkhani ya malo ndi thangata ndiyo inali yaikulu, winanso n'kuika patsogolo chiphunzitso cha chipembedzo. Chiganizo chilichonse chomwe munthu wodziwa angayankhe kuti "watero ndani?" chikufuna gwero.

Zomwe zimafuna gwero nthawi zonse ndi izi: manambala ndi zotsatira za kafukufuku, zifukwa zomwe mlembi wapereka pa chochitika, kagawidwe ka zinthu m'magulu komwe iye anakonza, ndi chitsanzo chomwe anasankha pofotokoza mfundo yake. Chomalizachi anthu amachiiwala. Ngati mlembi wafotokoza mfundo ndi nkhani ya mudzi wina, inu n'kutenga mudzi womwewo, mwatenga ntchito yake yofufuza ngakhale mutalemba m'mawu anu.

Chodziwika kwa onse chimatengeranso owerenga anu. Kalata ija ya 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times ndi yodziwika kwa ophunzira mbiri ya Malawi, koma si aliyense angaidziwe. Mukakayika, tchulani gwero. Palibe mphunzitsi amene amachotsa malikisi ambiri chifukwa chotchula gwero pomwe silimafunika kwenikweni.

Malo omwe mwaika dzina nawonso ndi ofunika. Chizolowezi choika bulaketi imodzi kumapeto kwa ndime yaitali chimasiya wowerenga osadziwa pomwe mfundo za mwini zayambira. Kodi ndi chiganizo chomaliza chokha, kapena zonse zisanu? Njira yabwino ndi kutsegula ndi dzina pomwe mfundo yobwereka ikuyambira, ndi kuonetsa poyera pomwe inu mwayambiranso kuyankhula. M'kalembedwe ka APA, komwe masukulu ambiri amagwiritsa ntchito, mumalemba dzina la bambo la mlembi ndi chaka, ndipo mukatenga mawu ake enieni mumawonjezera tsamba. M'chitsanzochi "Mlembi" ndi "chaka" zikuimira dzina ndi chaka chenicheni:

"Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Nyasaland mu 1914, Chilembwe analemba kalata yotsutsa zoti anthu akuda azilowetsedwa m'nkhondoyo. Mlembi (chaka) akuona kuti apa m'pamene Chilembwe anasiya kukhulupirira kuti kudandaula mwamtendere kungathandize. Iye akuvomereza kuti thangata ndi kuwonongedwa kwa matchalitchi ku Magomero zinathandizira, koma akuti nkhondo ndiyo 'inasefukitsa mphika' (tsamba lakuti). Ganizoli likusiya funso limodzi: ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani oukirawo analunjika ku Magomero usiku woyamba womwewo?"

Aliyense wowerenga ndimeyi akudziwa mwini wa chiganizo chilichonse. Choyamba ndi chodziwika, chachiwiri ndi chachitatu ndi za mlembi, fanizo la mphika labwerera koma m'mitengero, ndipo funso lomaliza ndi la wophunzira. Mawu oti "akuona", "akuvomereza", "akuti" akugwira ntchito yomwe mabulaketi okha sangaigwire.

Onani ngati tanthauzo silinapotoke

Pothawa mawu a mwini, ena amathawanso tanthauzo lake. Tsegulaninso gwero komaliza, osati kufuna mawu ofanana, koma kuona ngati mlembi angavomere kuti ananenadi zimenezo. Ndime yathu ikuti zifukwa zinali zitatu ndipo nkhondo inaposa. Mukalemba kuti "Mlembi akuti nkhondo ndiyo inayambitsa kuukira", mwamunamizira, chifukwa mwataya ziwiri zija. Yang'anitsitsani timawu tochepetsa mphamvu, monga "mwina", "ena", "nthawi zambiri", "m'maboma awiri omwe tinafufuza". Timeneti ndito timasowa msanga polembanso, ndipo kafukufuku wa m'midzi ingapo amasanduka chigamulo cha dziko lonse, dzina la mwini wake lili pomwepo ngati mboni.

Gwero likakhala m'chiyankhulo china

Mabuku ambiri omwe timawerenga ali m'Chingerezi, kwa ena m'Chipwitikizi, pomwe nkhani ya pa wailesi, ulaliki kapena chimangirizo tikulemba mu Chichewa. Apa muyeso wa mawu ofanana sugwira ntchito konse, chifukwa palibe liwu limodzi lofanana. Zimenezi zimapusitsa. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo ndi kukopera, kungoti mwadutsira chiyankhulo china. Gwiritsani ntchito muyeso wa manambala ndi wa zala ziwiri monga poyamba. Ngati ziganizo zikuyenderana, sankhani: muziike m'mitengero, mutchule gwero ndi tsamba, ndi kunena kuti mwamasulira nokha, kapena mutseke buku mulembenso. Zimatero ndithu ngakhale mbali inayo, mukatenga nkhani ya mu Chichewa n'kuilemba m'Chingerezi.

Za peresenti ya Turnitin

Masukulu ambiri aukachenjede amadutsitsa ntchito za ophunzira mu Turnitin, ndipo ophunzira amafunsana kuti peresenti yabwino ndi iti. Pulogalamuyi imayerekeza mawu anu ndi zolembedwa zomwe ili nazo: masamba a pa intaneti, nkhani za akatswiri ndi ntchito za ophunzira ena zomwe zinaperekedwa kale. Nambala yomwe imatulutsa ikunena kuchuluka kwa mawu omwe afanana ndi a kwina. Siikunena kuti mwaba, siikunenanso kuti simunabe.

Ganizirani ntchito ziwiri. Yoyamba yatulutsa 25 peresenti, koma zofananazo ndi mndandanda wa mabuku, mawu a m'mitengero otchulidwa bwino, ndi funso la asayimenti lomwe kalasi yonse yalemba pamwamba. Ilibe vuto. Yachiwiri yatulutsa 4 peresenti, koma 4 yonseyo ndi ndime imodzi yotengedwa m'buku limodzi popanda dzina. Imeneyo ndiyo ili ndi mlandu. Choncho musayang'ane nambala yapamwamba yokha. Tsegulani lipotilo, muone gwero lililonse palokha, ndipo muyambe ndi lomwe lili ndi zigawo zazitali zotsatana. Pali posankha kuti pulogalamu isawerengere mawu a m'mitengero ndi mndandanda wa mabuku, ngati mphunzitsi walola zimenezo.

Kumbukiraninso zomwe siingaone. Buku lomwe lili pa shelefu m'laibulale koma silinalowe pa kompyuta, kapepala ka bungwe kosindikizidwa kale, mfundo yobwereka yolembedwa m'mawu atsopano ngati ndime yachiwiri ya wophunzira uja, zonsezi zikhoza kudutsa mwakachetechete. Koma mphunzitsi yemwe anawerenga buku lomwelo adzaizindikira mfundoyo.

Ngati mulibe Turnitin ndipo mukukayikira chiganizo china m'manotsi anu akale, tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi omveka achilendo, muwaike m'mitengero pa Google. Mitengero imauza makinawo kuti afune mawuwo motsatana mmene alili. Zikapezeka, mwadziwa gwero. Zikapanda kupezeka, si umboni woti chiganizocho ndi chanu. Vuto limeneli limayambira polemba manotsi: munthu amakopera chiganizo kuti adzachisinthe mawa, pakapita milungu itatu n'kuchiona ngati chake. Chilichonse chomwe mwakopera liwu ndi liwu m'manotsi, chiikeni m'mitengero nthawi yomweyo, ndi dzina la buku ndi tsamba pambali pake.

Pomwe kulembanso sikufunika

Ndime zina siziyenera kusinthidwa. Chigawo cha lamulo, tanthauzo lomwe bungwe linakhazikitsa, mawu a mboni, ndi chiganizo chomwe mukufuna kuchitsutsa liwu ndi liwu, zimenezi zilembeni mmene zilili. Ngati mwayesa kawiri ndipo zala zikuyenderabe limodzi, mwina chiganizocho n'chachifupi ndi cholunjika moti palibe njira ina yochinenera. Chiikeni m'mitengero mupitirire. Mu APA, mawu obwereka akafika 40 kapena kuposerapo saikidwa m'mitengero. Amakhala m'ndime yawoyawo yolowa mkati pang'ono kuchokera kumanzere, dzina, chaka ndi tsamba zili pomwepo. Koma ntchito yodzaza ndi ndime zotere imaonetsa kuti munapeza mabuku, osati kuti munawamva, ndiye zisungireni malo omwe mawu enieniwo ali ndi ntchito.

Pali msampha umodzi wotsala. Nthawi zina mfundo yomwe mwapeza m'buku si ya mlembi wa bukulo. Iyenso akufotokoza za wina. Ngati mlembi wathu uja akanalemba kuti ganizo la nkhondo analitenga kwa wofufuza wina wakale, inu simuyenera kutchula wofufuza wakaleyo ngati kuti mwamuwerenga. Zomwe mwaona ndi mmene mlembi wachiwiri anamumvera, ndipo mwina anamupotoza. Fufuzani buku loyambalo ngati lingapezeke. Likapanda kupezeka, tchulani onse awiri m'chiganizo, kuti wakutiwakuti, monga akumufotokozera uje, ananena zakuti, ndipo pa mndandanda wa mabuku muikepo lokhalo lomwe munaligwira m'manja.